Chigayo Cholira M'dzina la Womwalira

Munthuyo anatsika pa njinga, nayitsamiritsa pa mtengo wa mapeyala, n'kufunsa kuti, "Kodi bambo alipo?"

Ine ndinali kuanika nandolo pamphasa. Ndinatembenuka n'kuyang'ana kukhomo, ngati kuti mwina alipodi, ngati kuti atuluka akupukuta manja pa buluku monga ankachitira. Mvula ya zaka ziwiri inali itagwa pa manda awo. Mwana wanga wamkulu, amene anali atangoyamba sukulu, anamva funsolo, anasiya chimene ankasewera nacho, n'kuthamangira m'nyumba kukayang'ana. Ndinamumva akutsegula chitseko cha kuchipinda.

Ndinati bambo anamwalira. Munthu uja anati pepani, koma kalata yake ndi ya bambo, yachokera ku ofesi ya msonkho, kumene ife timati ku Finansa, ndipo wina ayenera kusaina kuti yafika. Ndinasaina. Chipwitikizi changa n'cha kupulayimale ya mu kampu, chokwanira kupereka moni ndi kuwerenga zikwangwani, koma dzina la mwamuna wanga ndinaliona, liwu lakuti chigayo ndinalizindikira, ndipo manambala anali ataliatali m'munsi. Mwana anatuluka n'kundiuza kuti, "Mulibe." Ndinati inde, mulibe.

Ndifotokoze za chigayocho. Ine ndi bambo a ana anga tinakwatirana ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ndili mtsikana wamng'ono. Iwo ankazemba kukagwira ganyu m'minda ya tiyi, n'kumasunga pang'onopang'ono. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu ku Milange, ku Mozambiki, ine ndi mwana kumbuyo, iwo ndi apongozi anga, mayi awo, ndi mchimwene wawo wamkulu. Tinaumba njerwa tokha. Malata tinagula amodziamodzi, moti chaka choyamba theka la nyumba linali la udzu. Kenaka anagula chigayo chakale cha dizilo kwa munthu wina wa kutsidya, ku Malawi, n'kuchiika m'chisakasa pafupi ndi msika. Anali munthu wokonda zinthu zolongosoka. Anapita yekha kukatenga chiphaso, anakalembetsa ku Finansa, n'kubwera akuseka kuti, "Tsopano boma likundidziwa. Si ndine nambala ya pa khadi la ufa ayi."

Chinalira bwino chaka chimodzi. Chaka chachiwiri ndinabereka wamng'ono, iwo n'kuyamba kutsokomola. Chipatala cha kuno nthawi imeneyo chinali chisanadzuke bwino, ndiye tinachita monga onse a m'malire amachitira: tinawolokera ku Malawi. Ndipo monga onse amachitira, pa windo tinatchula mudzi wa kutsidya, ndi dzina limene ankalandirira ufa ku kampu, la amalume awo, poopa kuti atibweza. Anamwalirira komweko. Kudutsa ndi maliro pa geti la m'malire kunkafuna mapepala ndi ndalama zimene tinalibe. Alamu anga, mchimwene wawo uja, anawakulunga mu mphasa, anawamangirira pa njinga, tinawoloka mtsinje pa njira ya m'munsi imene amadutsa onyamula matumba a chimanga. Ine ndinali kumbuyo nditagwira miyendo kuti isakhudze madzi. Tinawaika m'manda ndi nyimbo za mpingo. Ku ofesi iliyonse sitinapiteko. Ndani amaganiza za ofesi?

Tsiku londisudzula, abale a mwamuna anakhala pansi kugawa za womwalira. Alamu anatenga chigayo, akuti nawonso anathandizapo pogula, ndipo mwina n'zoona, sindinaone. Anachikweza pa thirakitala kupita nacho kwawo ku Mongue, pamodzi ndi chiphaso chimene chinali chopachika pakhoma. Ena anayamba kuyang'ana malata. Apongozi anga ndi amene anaimirira nati, "Malata awa akhala. Pansi pake pali adzukulu anga." Mayi amenewa ndi amene anandigwira msana pobereka mwana woyamba mu tenti, mayi anga ondibereka atatsala m'nkhondo. Ndinkawatcha mayi, osati mwaulemu chabe.

M'mawa mwake kalata itafika ndinapita ku Finansa, wamng'ono kumbuyo, ndilibe chilichonse m'manja koma kalatayo. Pa windo panali kalaliki wa magalasi amene ankalankhula Chinyanja. Ndinayamba ndi mtsinje, ndinalumphira ku kampu, ndinabwerera ku chifuwa, ndinalira, ndinatchula malata. Anthu pa mzere anayamba kung'ung'udza. Iye anadikira mpaka mpweya unandithera.

"Mayi, anamwalira liti?"

"Nthawi ya nandolo."

"Nandolo wa chaka chiti?"

Ndinawerenga pa zala, koma chakacho sindinachipeze.

"Satifiketi ya imfa ilipo?"

"Ayi."

"Chigayo chinasiya liti kugwira ntchito?"

Apa ndinatseka pakamwa, chifukwa chigayo sichinasiye. Chinali kulira ku Mongue tsiku lomwelo.

Anavula magalasi n'kundiuza mofatsa. Munthu akalembetsa ntchito, msonkho umawerengedwa chaka ndi chaka mpaka wina atabwera kudzalemba kuti ntchitoyo yaima kapena yapita m'manja ena. Palibe anabwera. M'mabuku mwawo bamboyu ali moyo, ali pa bayiro yathu, dera limene timakhala, akugayitsa anthu, sakulipira, ndipo pamwamba pa msonkho pakwera chindapusa. Ndinati koma anafa. Anati ngakhale atafa, ngongole ya kuboma siilowa m'manda, imatsata katundu amene munthu wasiya. Ndipo kalata ikapanda kuyankhidwa m'nthawi yake, nkhani imapita kwa olanda katundu.

"Anasiya chiyani?"

M'maganizo ndinaona malata, limodzilimodzi, monga tinawagulira.

Anati mkulu woona madandaulo amabwera kuchokera ku Mokuba kumayambiriro kwa mwezi, ndipo nthawi yanga yodandaula idzakhala isanathe, chifukwa imawerengedwa kuyambira tsiku limene ndinasaina. Ndibwere ndi dandaulo lolemba, mapepala onse, ndi zochitika mwandondomeko, chilichonse ndi tsiku lake. "Akulu aja ndi munthu wabwino," anatero, "koma misozi alibe poidinda."

Pafupi ndi ife pankakhala mayi wina wogulitsa zitenje pa msika, wamkulu kwa ine, amene ndinkamutcha mana, monga timatchulira achemwali kuno. Iyeyo chaka chilichonse ankalimbana ndi a Finansa ndipo sankawaopa. Anabwera masana, anayala mphasa m'chipinda, nati, "Tulutsa zonse. Ngakhale pepala lokulungira mchere."

Ndinatulutsa jumbo imene inali pansi pa sutikesi. Fungo la dizilo linatuluka limodzi ndi mapepalawo, ndipo ndinatembenukira kukhoma. Mana anandisiya pang'ono, kenaka anati, "Ulira tikamaliza. Chakale kwambiri chiike kumutu kwa mphasa, chatsopano kumiyendo."

Kumutu tinaika pepala limene tinabwerera nalo ku Malawi. Kenaka risiti la amene anatigulitsa chigayo, lolemba pamanja. Kenaka pepala lolembetsera ku Finansa, ndi risiti la msonkho wa chaka choyamba, lodindidwa bwino, lopindidwa kanayi monga ankapindira zinthu zake zonse. La chaka chachiwiri panalibe. Ndinakhuthula sutikesi, ndinafufuza m'Baibulo, m'thumba la jekete. Ndinati analipira ndithu, munthu uja sakanalephera.

"Unamuona akulipira?"

"Ayi, koma ndikumudziwa."

"Ukumudziwa iwe. Usakalembe chimene sungaonetse. Ukangoti risiti sindinalipeze, chonde yang'anani m'buku lanu. Iwo amasunga lawo."

Pakati pa mphasa panali mpata waukulu, pamene panayenera kukhala imfa. Ndinali ndi kapepala ka kuchipatala cha ku Malawi, koma kanali ndi dzina la amalume awo ndi mudzi umene sitinagonemo ndi tsiku limodzi lomwe. Mana anakayang'ana n'kuseka pang'ono. "Ndiye wafa ndi Mmalawi. Wako ali moyo, wangopita kokayenda." Anaona nkhope yanga n'kusiya. Anati kapepalako ndisakataye ndipo ndisakabise, ndikafotokoze mmene zinakhalira, pakuti palibe wa ku Milange amene sadziwa za mayina awiri, koma pakufunika umboni wina wa dzina lenileni.

Masiku ndinalibe. Mutu wanga unasunga zonse, mtundu wa malaya amene anavala, mmene madzi anazizirira, koma osati tsiku. Chimene chinandithandiza ndi khadi la sikelo la wamng'ono. Ndinali nditaliika pambali poganiza kuti si la nkhaniyi, koma ndinaona kuti anamwino ankalemba tsiku nthawi iliyonse ndikapita. Apa anabadwa, bambo ake anamunyamula. Apa katemera wachiwiri, ndinapita ndekha chifukwa anali atayamba kugona masana. Apa mwezi umene sindinapite, tinali kutsidya. Ndipo apa, miyezi iwiri kutsogolo, mzere wa kulemera kwa mwana, umene unkakwera bwinobwino, unagwa pansi ngati watsika phiri. Ndi mwezi umene chigayo chinapita. Gaga ndi ufa wotsalira zimene tinkadalira zinapita nacho. Ndinakhala ndikuyang'ana mzerewo, mwini wake ali pomwepo akudya mango, madzi akuyenderera m'chigongono.

Ndinang'amba pepala pakati pa kope la wamkulu. Mana anati mzere umodzi, chinthu chimodzi: liti, chinachitika n'chiyani, pepala lotsimikizira ndi liti. Osati mmene ndinamvera. Pamene sindikudziwa tsiku ndilembe mwezi, pamene sindikudziwa mwezi ndinene kuti sindikudziwa. Pa pepala lililonse la pamphasa tinalemba kanambala ndi pensulo pakona, kofanana ndi ka pa mzere wake. Banja langa lonse linakwana pa tsamba limodzi, n'kutsalanso malo.

Tsiku la maliro ndinalipeza kwa akatekisiti. Anali ndi buku limene amalemba onse amene mpingo wawaperekeza, ndipo munali dzina lawo la ubatizo, lenileni. Anandilembera kalata. Ndi kalatayo ndinapita kwa sekeretale wa bayiro, mkulu woyang'anira dera lathu, amene anabwera yekha pa malirowo ndipo anadya nawo, naye analemba yake n'kudinda. Kenaka ku ofesi yolembetsa obadwa ndi omwalira, ndi mboni ziwiri, akatekisiti ndi bambo wina amene anakumba nawo manda. Anandibweza kamodzi chifukwa mboni ina inaiwala chitupa. Anandilipiritsa chifukwa chochedwa, ndinagulitsa nandolo amene ndinkati ndi wa mbewu. Mayi wa pa tebulo anafunsa dzina la womwalira, la bambo ake, la mayi ake, ntchito yake, ndipo ine ndinkayankha chimodzichimodzi, ndikumva ngati ndine amene ndikuwapha. Tsiku limene ndinalandira satifiketi sindinapite kunyumba msanga. Ndinadutsa pa chisakasa chopanda kanthu paja, pamene simenti ikadali ndi mabowo anayi a mabawuti. Nthawi yonseyi panali ofesi imodzi pa dziko lino imene inkati ali moyo, ndipo ine ndinali pa ulendo wokaiuza kuti isiye.

Mzere umodzi ndinausiya wopanda kanthu. Pakati pa maliro ndi kalata ya ku Finansa, pamene panayenera kukhala za kumene chigayo chinapita. Ndinangolemba nambala yake.

Nkhani m'malire muno imayenda pa njinga. Loweruka alamu anafika, atamanga thumba la ufa pa kaliyala. Analitsitsa pakhonde, anagawira ana masiwiti, anaseka ndi wamkulu kuti wakula ngati bango.

"Mlamu, mwatitaya. Kapena mwapeza wina wokugulirani sopo?"

"Sopo ndimagula ndekha, alamu."

"Ndamva mwasanduka loya. Mukuyenda ndi mapepala m'khwapa ngati a boma."

Ndinawapatsa mpando. Maso anga anali pa ufawo. Unali wosalala, woyera, mmene chigayo chathu chinkaperera sefa yaing'ono ikaikidwa. Ndinauzindikira ngati mmene umazindikirira mawu a munthu kuseri kwa mpanda.

Anati nkhaniyi ndi yaing'ono. Ndikangolemba kuti chigayo chinawonongeka mwini wake atamwalira, tinagulitsa zitsulo kwa anthu a ku Malawi, basi. Ndani akafufuze kutsidya? Iwo chaka chamawa akalembetsa m'dzina lawo mwakachetechete, zinthu zikayenda. Panopa dizilo wakwera, malamba akuduka, ana awo asanu ndi mayi akudya pomwepo.

"Nanga akapita ku Mongue kukaona?"

"Ndi msewu uja? Galimoto ya boma ingafike?" Anaseka, kenaka anayang'ana kudenga. "Malata abwino awa. Mukudziwa kuti pa tsiku lija anthu sanagwirizane nazo. Ndi mayi okha anakakamira. Mawu a nkhalamba, mlamu, amatha kubwezedwa."

Anatero akumwetulira, akusisita mutu wa wamng'ono. Ine ndinkangoyang'ana dzanjalo.

Atapita ndinathamangira kwa mana. Anati, "Chigayo si nkhuku yoti ubise m'dengu. Chimamveka mudzi wonse. Chiphaso chili pakhoma ndi dzina la mwamuna wako. Akakatumiza woyendera n'kuchipeza chikulira, iwe utasaina kuti munagulitsa, adzakhulupiriranso chiyani pa tsamba lako? Ngakhale imfa adzaikayikira. Ndipo ukati munagulitsa, adzafunsa kuti ndalama zake zili kuti." Ndinati nanga ndikangosiya mzerewo osalemba kanthu. Anati funso loyamba lidzakhala lomwelo, chigayo chili kuti, ndipo ndikadzati sindikudziwa, katundu yekha wa womwalira amene akumuona adzakhala nyumba.

Ndinkadzuka ndi mantha, ndinkagona nawo. Njinga ikaima pamsewu ndinkawerenga ana. Ndikanama, boma litenga denga. Ndikanena zoona, abale abwera kudzalitenga. Ndinapitanso kwa sekeretale kukapempha kuti alembe kuti nyumbayi tinamanga ine ndi malemu ndipo mukukhala ana ake. Analemba, nati malata sachoka mu bayiro yake iye osadziwa. Pepalalo ndinalipatsa nambala yake n'kuliika pamphasa.

Apongozi anabwera kutatsala pang'ono kuti mkulu uja afike. Anakwezedwa pa njinga kuchokera ku Mongue, miyendo itatupa. Sanatchule chigayo tsiku loyamba. Anasambitsa wamng'ono, anamanga wamkulu tsitsi, anandidzudzula kuti ndaonda ngati chingwe. M'mawa mwake anandipeza nditayala mapepala.

"Ndi mwana wanga ameneyu?" anafunsa, akuloza mphasa yonse.

"Ndi iwowo, mayi."

Sadziwa kuwerenga. Anandiuza kuti ndiwawerengere tsamba lija. Ndinawerenga mzere ndi mzere, kubwerera, kugula, kulembetsa, kubadwa kwa mwana, kudwala. Pa mzere wa imfa anagwedeza mutu kuti inde, linali tsiku limenelo, kunali mphepo. Kenaka ndinalumphira ku kalata. Anandigwira dzanja.

"Apo wadumpha."

"Sindinalembepo."

"Udzalemba chiyani?"

Ndinayamba kusonkhanitsa mapepala.

"Mwana wanga, ndinabereka asanu ndi mmodzi. Nkhondo inadya, matenda anadya. Watsala mmodzi. Si wabwino kwambiri, ndikudziwa, ndinamubereka ndine. Koma ndi amene adzandiike m'manda. Ukamupereka kwa boma, ine ndidzakhala kuti?"

Ndinati sakamangidwa, akangouzidwa kulipira ndi kulembetsa. Koma sindinkadziwa bwino, ndipo iwo anamva kuti sindikudziwa. Ndinati nanga ana awa adzakhala kuti. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Anati, "Ndinaimirira ine tsiku lija." Ndinati ndikukumbukira, mayi. Anatenga lichero n'kuyamba kupeta ufa umene sunkafuna kupeta.

Masana amenewo ndinatenga tsamba langa kupita kwa bambo wina amene amakhala ndi makina otayipira pansi pa mtengo pafupi ndi maofesi, wolembera anthu makalata a boma. Ndisanafike ndinakhala pa mwala, ndinatulutsa cholembera. Ndinalemba mwezi umene khadi la sikelo linandiuza. Ndinalemba kuti chigayo ndi chiphaso chake zinatengedwa ndi mchimwene wa malemu pa mwambo wosudzula, zili ku Mongue, ndipo kuyambira pamenepo ine ndi ana sitinalandirepo kanthu. Ndinakumbukira thumba la ufa lija, ndinawonjezera kuti kupatula thumba limodzi la ufa. Mboni, akatekisiti ndi sekeretale.

Wotayipa uja anazisandutsa Chipwitikizi, dandaulo patsogolo, ndondomeko pambuyo, mapepala awiriawiri. Ndinamuuza kuti andibwezere m'Chinyanja zonse zimene walemba ndisanasaine, monga mana anandilangizira. Mapepala ena onse ndinakajambulitsa pa makina, kuti enieni ndikangoonetsa n'kubwera nawo.

Tsiku limene mkulu uja anafika, apongozi anati andiperekeza, agwire ana panja. Anabereka wamng'ono kumbuyo ngakhale miyendo inkawapweteka. Sanandifunse, ndipo ine sindinawauze. Anakhala pansi pa mthethe moyang'anizana ndi khomo.

Mkulu uja anali bambo wa imvi, wolankhula Chipwitikizi chokha, kalaliki wa magalasi n'kumamasulira. Ndinaika mapepala patebulo mwa manambala ake. Sanandiyang'ane poyamba. Anayendetsa chala pa ndondomeko, akafika pa nambala n'kutambasula dzanja, ine n'kumupatsa pepala lake. Pa kapepala ka ku Malawi anaima, anayerekeza ndi satifiketi, anawerenga chimene ndinafotokoza, anapumira m'mwamba ngati munthu amene waziona kambiri. Anaitanitsa buku lawo. Chaka chachiwiri sichinalipiridwe. Anati chimenecho, mpaka mwezi wa imfa, ndi ngongole yeniyeni ya malemu, ndipo ndikhoza kupempha molemba kuti ndizilipira pang'onopang'ono. Ndinamva kuwawa, osati chifukwa cha ndalama. Ndinaona mwamuna wanga, wokonda zolongosoka uja, akutsokomola, akudziwa kuti sanalipire, osandiuza.

Chala chinafika pa mzere uja.

Anafunsa ngati chigayo chikugwirabe ntchito. Ndinati inde. Anafunsa ngati ndikudziwa kuti atumiza woyendera, ndipo munthu amene ndamutchulayo adzaitanidwa kudzayankha za zaka zimene wagayitsa ndi chiphaso cha womwalira. Anati sangandilonjeze kanthu lero, yankho lidzabwera polemba. Koma zikapezeka monga ndalembera, zaka zimenezo zidzachotsedwa pa dzina la malemu, ndipo a Finansa sadzayamba ndi nyumba yogona ana pamene chigayo chilipo. Kenaka anandiyang'ana koyamba.

"Akufunsa ngati mzere uwu mukuutsimikiza," anatero kalaliki. "Mukhoza kuuganiziranso. Ndi abale anu."

Pa windo ndinkaona mthethe. Apongozi anali atachotsa mpango wawo n'kuphimba mutu wa wamng'ono kuti dzuwa lisamuotche, wamkulu atatsamira pa bondo lawo.

Ndinati ndikutsimikiza.

Anadinda mapepala onse awiri, analemba tsiku, limodzi anasunga, lina anandibwezera, nati ndisalitaye. Anandipatsanso fomu yonena kuti ntchito ya malemu inaima, imene ikanalembedwa kalekale tikanadziwa. Ndinalemba dzina lawo komaliza pamenepo.

Yankho linadzabwera patapita miyezi, ndipo nyumba ndi ino ndikulemberamo. Chaka chija ndinachilipira ndi nandolo wa nyengo zingapo. Alamu sanamangidwe, analipira zawo mokwiya, ndipo malata sanawakhudze. Koma apongozi sanapondenso pakhomo pano. Atamwalira uthenga unandipeza ataikidwa kale.

Zimenezo n'zam'tsogolo. Tsiku lija ndinatuluka, dzuwa linandithobwa m'maso, ndinawoloka msewu. Apongozi anandiyang'ana kumaso, osati m'manja.

"Walemba?"

"Ndalemba, mayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaimirira movutikira, anamasula mfundo ya chitenje pachifuwa, anatembenuka kuti ndilandire mwana. Anali m'tulo, thupi lake lofunda ndi msana wawo. Mpango anausiya pamutu pake. Wamkulu anafunsa kuti agogo akupita kuti, iwo anati kukafuna njinga. Ndinafuna kuwathamangira, kugwada pamsewu pomwepo, kunena kuti ndibwereramo ndikafufute. Miyendo inayamba yokha. Koma ndinapinda pepala lodindidwa lija kanayi, ndinalilowetsa m'kamisolo, ndinamanga mwana kumbuyo mfundo ziwiri, ndinagwira wamkulu padzanja mwamphamvu mpaka anati ndikumupweteka, n'kutembenukira njira ya kunyumba.